Mawu a pa Silaidi Asamavine Pamene Tikukamba

Mwezi watha tinali m'holo ya chalichi ina kunja kwa tauni ya Chipata, pa maphunzilo a magulu omvela wailesi. Anthu analipo ngati makumi anayi, ambili a iwo azimayi a m'magulu osunga ndalama, ndipo nkhani ya tsikulo inali kaloba. Pulojekita tinacita kubweleka. Nsalu yoyela tinaikhomela pacipupa, jeneleta ili kulila kuseli kwa holo. Amene anakonza masilaidi ndi mnyamata mnzathu wa pa siteshoni, wodzipeleka ngati ife, ndipo usiku umenewo anagona mocedwa pofuna kuti zinthu zikongole.

Silaidi yoyamba inatseguka ngati makatani a pawindo. Yaciwili inadzipinda n'kusanduka mbalame ya pepala, n'kuuluka. Holo yonse inaseka, ena mpaka kuomba m'manja. Pa yacitatu mawu anali kubwela cilembo cimodzicimodzi ndi kaphokoso ka makina otaipila, mlangizi amene anali kukamba ataimilila cabe, pakamwa pali yasa, kuyembekezela kuti ciganizo cithe kudzilemba. Titamaliza, amayi ena acikulile anapita kwa mnyamata uja n'kumugwila dzanja. "Mwana wanga, kambalame kaja munakapanga bwanji?" Za ndalama imene munthu amabweza akatenga kaloba palibe anafunsa. Ife titafunsa gulu kuti nambala ya pa silaidi yothela inali zingati, anthu anayang'anana.

Mnyamatayo sitikumunena. Tonse tinayamba conco titangophunzila PowerPoint ku koleji: ukaona kuti pali mabatani ambili, umafuna kuwalawa onse. Koma maganizo athu ndi akuti kayendedwe ka mawu pa silaidi kali ndi nchito imodzi cabe, ndiyo kusunga maso a anthu pa mfundo imene pakamwa pa wokamba pafika. Kayendedwe kalikonse kamene sikagwila nchito imeneyi kamaba maso a anthu, ndipo kamene kakuwabela ndi wokamba mwini wake.

Ife a pa wailesi nkhani imeneyi timaidziwa kucokela kwina. Womvela wathu sangathamange kupita kutsogolo kwa mawu athu. Amamva mfundo yaciwili pokhapo tikamaliza yoyamba, ndipo dongosolo lonse lili m'manja mwathu. Silaidi imacotsa mphamvu imeneyi. Mukaika mfundo zisanu pacipupa nthawi imodzi, amene amawelenga msanga afika pa yacisanu inu mukali kupeleka moni, ndipo ayamba kunong'oneza mnzake. Amene amawelenga movutikila akali kulimbana ndi mzele waciwili, ndipo makutu ake atseka cifukwa munthu sangawelenge ciganizo cina uku akumvetsela cina. Kuulula mfundo imodziimodzi kumabweza dongosolo lija kwa wokamba. Ndiye cifukwa cake sitili m'gulu la amene amati maanimeshoni onse ndi acibwana. Koma timadziwanso cimene cimacitika pa wailesi munthu akakonda tumaphokoso: DJ amene amaika kulila kwa lipenga pakati pa ciganizo ciliconse, anthu amakumbukila lipenga, uthenga wamalilo umene anawelenga osaumva.

Mu PowerPoint muli zinthu ziwili zimene ambili amazisokoneza. Pamwamba pali malo olembedwa Transitions, amene amalamulila mmene silaidi imodzi imacokela kuti ina ibwele. Makatani aja ndi Curtains, kambalame kaja ndi Origami, ndipo zonse zili kumeneko. Pafupi pake pali Animations, amene amalamulila zinthu za mkati mwa silaidi imodzi, monga mzele wa mawu, cithunzi kapena nambala. Za Transitions tilibe zambili zokamba. Sankhani None kapena Fade, dinizani Apply To All, basi mwamaliza. Kucoka pa silaidi ina kupita pa ina kuli ngati kutembenuza tsamba la buku, ndipo palibe amene amafuna kuti tsamba lililonse lizitembenuka mwa mtundu wake. Nchito yeniyeni ili ku Animations.

Tiyeni tibwelele ku silaidi ya kaloba ija, cifukwa tinakaikonzanso pa maphunzilo a sabata yotsatila ku dela lina. Manambala ake ndi acitsanzo cabe. Munthu wakongola K1,000, ndipo pangano ndi lakuti mwezi uliwonse umene sanabweze, pa ngongole yonse imene ilipo panthawiyo paziwonjezeka 30 pelesenti. Mwezi woyamba ukatha ngongole ndi K1,300. Waciwili ukatha ndi K1,690. Wacitatu ukatha ndi K2,197. Cimene mlangizi anafuna kuti anthu atenge n'cakuti ciwongoladzanja naco cimabala ciwongoladzanja, moti m'miyezi itatu ngongole imapitilila kuwilikiza kawili.

Mukaonetsa mizele itatuyi nthawi imodzi, maso onse amagwela pa K2,197, anthu amati "Mayo!", ndipo nkhani yathela pomwepo. Adabwa, koma sanamvetse kumene nambalayo yacokela. Mawa akakumana ndi wa kaloba wa 20 pelesenti sadzatha kudziwelengela okha.

Ndiye tinacita motele. Mutu wa silaidi ndi funso lake, "K1,000 pa 30 pelesenti: mudzabweza zingati?", tinazisiya zosayenda. Zimaonekela pamene silaidi yafika, kuti munthu asayang'ane cipupa copanda kanthu. Mizele itatu ya miyezi tinailemba m'bokosi limodzi, uliwonse pa ndime yake. Tinasankha bokosilo, n'kupita ku Animations, n'kusankha Appear. Ameneyu sacita ciliconse codabwitsa: mawu kunalibe, tsopano alipo. Ndiyeno pa Effect Options tinasankha By Paragraph, kuti mzele uliwonse uzibwela pawokha. Apa m'pamene ambili amaphonya. Ngati pakhala As One Object, bokosi lonse limabwela nthawi imodzi, ndipo munthu amadabwa kuti animeshoni yake siikugwila. Pothela tinaonetsetsa kuti pa Start palembedwa On Click, kutanthauza kuti palibe cimene cidzaoneka mpaka wokamba atadiniza batani. Mukacita bwino, m'mbali mwa mizele muja mumaoneka tumanambala 1, 2, 3. Tumanambala tumeneti ndi ciwelengelo ca kudiniza kwanu.

M'holo zinayenda conco. Mlangizi anawelenga funso, n'kufunsa gulu kuti mwezi woyamba ukatha ngongole idzakhala zingati. Ambili anayankha bwino, K1,300. Anadiniza, nambala inaoneka, anthu anakondwa kuti alasa. Anafunsanso za mwezi waciwili. Holo yonse inayankha pamodzi kuti K1,600, cifukwa aliyense anangowonjezela K300 ina. Mlangizi sanafulumile. Anafunsa ngati pali wina wotsutsa, anayembekezela pang'ono, ndiyeno anadiniza. K1,690. Panakhala kacetecete, kenako abambo ena kumbuyo anati, "Nanga K90 iyo yacokela kuti, aphunzitsi?"

Funso limenelo ndilo linali phunzilo lonse la tsikulo. K90 ija ndi 30 pelesenti ya K300 imene inawonjezeka mwezi woyamba. Anakambilana kwa mphindi pafupifupi khumi, mzele wacitatu ukali wobisika, ena akuwelengela pa mafoni, ena pansi pa kope. Pamene mlangizi anafunsa za mwezi wacitatu, panali azimayi angapo amene anachula K2,197 iye asanadinize. Kubisa mzele umodzi kwa mphindi khumi n'kumene kunapatsa anthu mpata wolakwa poyamba, n'kudzipezela okha yankho. Kukanakhala kuti nambalayo inabwela ikuzungulila kucokela kumwamba, ikanafika panthawi yofananayo, koma anthu akanaona kuzungulilako m'malo moona kuti yasiyana ndi imene anali nayo m'mutu.

Ndiye pa maanimeshoni onse amene ali mu PowerPoint, ife timagwilitsa nchito awili, Appear ndi Fade. Fade amabweletsa mawu mofatsa m'theka la sekondi, ndipo ndi wabwino pa cithunzi cacikulu cimene cingadzidzimutse anthu cikangoti bulukutu. Wacitatu amene timamulola nthawi zina ndi Wipe, pa muvi kapena mzele umene uonetsa kumene cinthu cikupita, monga ndalama kucoka kwa membala kupita m'bokosi la gulu. Pamenepo kayendedweko kali ndi tanthauzo, cifukwa muvi umakula kulowela kumene ndalama ikupita. Koma Fly In, amene ambili amamukonda, ali ndi vuto limene mungaliyese nokha: mawu amene akuyenda sawelengeka. Diso limawathamangitsa mpaka aime, ndiye n'kuyamba kuwelenga. Pa nthawi yonseyo wokamba akukamba yekha.

Nthawi imene imatayika si yocepa ngati mmene ionekela. Tiyelekeze kuti muli ndi masilaidi 20, iliyonse ili ndi mfundo zisanu, ndipo mfundo iliyonse imatenga masekondi awili kuti ifike n'kukhazikika. Amenewo ndi masekondi 200, kupitilila mphindi zitatu, osawelengela makatani ndi mbalame. Ku situdiyo, masekondi asanu cabe a cete amakwanila kuti foni iyambe kulila, anthu kufunsa ngati malaiti apita. M'holo anthu saimba foni. Amangotulutsa yawo n'kuyamba kuona mauthenga.

Tsopano tikambe mbali imene anzathu okonda kuulula mfundo imodziimodzi sakonda kuimva. Si silaidi iliyonse imene ifunika kubisidwa. Pali anthu ena amene akaphunzila By Paragraph amaika paliponse, mpaka pa mndandanda wa maina a makomiti. Munthu wamkulu amene wasiya munda wake kubwela ku msonkhano amazindikila msanga ngati mukumupatsa mawu pang'onopang'ono ngati phala la mwana popanda cifukwa, ndipo zimamunyansa. Amene amadandaula zimenezi sakulakwa. Funso limene timadzifunsa pa mzele uliwonse ndi ili: kodi tili ndi zokamba pa mzele umenewu tisanapite pa wotsatila? Ngati tili ndi nkhani ya mphindi imodzi kapena funso lofunsa gulu, mzele wotsatila uyembekeze. Ngati tidzangouwelenga n'kudiniza, ndiye kubisako kulibe phindu, onetsani zonse.

Palinso zinthu zimene kuzibisa n'kulakwa kwenikweni. Zinthu zoyelekezela ziyenela kuonekela pamodzi. Ngati muonetsa mtengo wa feteleza ku masitolo atatu, munthu afunika kuona mitengo itatu yonse kuti diso lake liziyenda pakati pake. Cina ndi miyeso ya zinthu zosakaniza. Nthawi ya kolela ya mu 2024, pamene bwalo la maseŵela la Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala, ambili a ife tinali kuphunzitsa za madzi a shuga ndi mcele opangila kunyumba ngati mapaketi a ku kiliniki palibe: lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni ang'ono 6 a shuga osasefukila, ndi theka la supuni yaing'ono ya mcele. Silaidi yotele ife sitiiika animeshoni ngakhale pang'ono. Cifukwa cake n'cakuti masiku ano anthu salemba, amajambula ndi foni. Munthu akajambula pamene paoneka madzi ndi mcele cabe, shuga isanafike, cithunzi cimeneco cidzayenda pa WhatsApp cili cosakwanila, ndipo inu simudzakhalapo kuti mufotokoze. Ngakhale pa silaidi ya kaloba ija, mlangizi anauza anthu poyamba kuti, "Musajambule tsopano, ndidzakuuzani zonse zikaoneka." Atamaliza anaima pambali kwa kanthawi, mafoni onse m'mwamba.

Izi zitifikitsa pa nkhani ya mfundo zimene zakambidwa kale. Ena amakonda kuti mfundo yatsopano ikabwela, yakale izicoka. Ife timakana. M'magulu athu muli anthu amene sukulu anailekela panjila, ndipo amawelenga pang'onopang'ono. Mukacotsa mzele iwo ali pakati pake, mwawasiya m'njila, ndipo sadzakweza dzanja kukuuzani. Muli wina amene anatuluka kukatonthoza mwana, wabwela, afuna kuona pamene tafika. Ndipo K1,690 ilibe tanthauzo ngati K1,300 siili pamwamba pake. Conco zimene zaoneka zikhale. Ngati mufuna kuti mfundo yatsopano ionekele kwambili, PowerPoint ili ndi njila yozilalitsa zakale. Mu Animation Pane mumadiniza kawili pa animeshoniyo, ndipo pa After animation mumasankha mtundu wina m'malo mwa Don't Dim. Koma cenjelani. Mtundu wotuwa umene uoneka bwino pa laputopu yanu usiku umasowelatu pa nsalu masana, m'holo yopanda makatani, ndi pulojekita yokalamba. Sankhani wotuwa wakuda ndithu, ndipo mukauyese mutaimilila kumbuyo kwa holo. Ngati simungathe kuyesa, isiyeni.

Pa Start paja pali zosankha zitatu, ndipo ziwili zinazo ndi With Previous ndi After Previous. With Previous ndi wothandiza ngati zinthu ziwili ziyenela kubwela pamodzi, monga nambala ndi muvi wake: coyamba cikhale On Click, caciwili With Previous, kudiniza kumodzi. After Previous ndiye amene amagwetsa anthu, cifukwa amacititsa zinthu kubwela zokha popanda kudiniza. Kunyumba mukamayeseza zimayenda bwino, cifukwa palibe amene akukudulani mawu. Koma misonkhano yathu siiyenda ndi wochi. Pali womasulila amene afunika kubweleza m'Cinsenga kapena m'Citumbuka zimene mwakamba. Pali a nduna amene afika mocedwa, ndipo onse aima kuwalandila. Pali funso la K90 limene lidzadya mphindi khumi. Kompyuta siidziwa zimenezi, imangopitiliza, ndipo yankho limaoneka pacipupa funso lisanafunsidwe.

Vuto lofanana ndi limeneli tinaliona kwa mlangizi wina amene masilaidi ake anali kusintha okha iye ali pakati pa ciganizo. Iye anaganiza kuti laputopu yalowa kacilombo. Cimene cinacitika n'cakuti poyeseza anagwilitsa nchito Rehearse Timings, n'kuvomela kuti nthawi zake zisungidwe. Mankhwala ake ndi kupita ku Slide Show n'kucotsa cizindikilo pa Use Timings. Muonenso ku Transitions, kumanja kwenikweni, kuti cizindikilo cili pa On Mouse Click ndipo pa After palibe.

Tikalandila masilaidi a munthu wina, monga zimacitikila kawilikawili mlendo akabwela ndi fulashi yake mphindi zisanu msonkhano usanayambe, coyamba cimene timayang'ana ndi tunyenyezi. Kumanzele, pafupi ndi kacithunzi ka silaidi iliyonse, pamakhala kanyenyezi ngati silaidiyo ili ndi kayendedwe kalikonse. Tikatsegula Animation Pane timaona mndandanda wonse. Nyenyezi zobiliwila ndi zinthu zolowa, zacikasu ndi zogogomezela, zofiila ndi zotuluka. Silaidi imodzi ikakhala ndi mizele khumi ndi iwili ya mitundu yonse itatu, timadziwa kuti kuli nchito. Ngati nthawi yokonza palibe ndipo mwini wake wavomela, pali njila yacidule: ku Slide Show, pa Set Up Slide Show, pali kabokosi kolembedwa Show without animation. Mukaikapo cizindikilo, mfundo za pa silaidi iliyonse zimaonekela pamodzi, ndipo zimene munthu anakonza sizifafanizika. Ciopsezo cake n'cimodzi, ndipo n'cofanana ndi ca PDF.

Pambuyo pa msonkhano uliwonse pamakhala wina wopempha kuti timutumizile masilaidi. Timawasandutsa PDF cifukwa ndi imene imatseguka pa foni iliyonse ndipo siidya mabandulo ambili. Koma PDF ilibe animeshoni. Zonse zimene zili pa silaidi zimaonekela nthawi imodzi. Ngati munaika yankho pamwamba pa funso, podalila kuti funso lidzatuluka yankho lisanalowe, pa PDF mawu awiliwo amakwelana ndipo palibe cowelengeka. N'cimodzimodzi mukasindikiza pa pepala, ndipo pepala limenelo ndilo limakupulumutsani tsiku limene jeneleta yatha mafuta. Conco timakonza silaidi moti ikhale yowelengeka zonse zitaonekela, ciliconse pamalo pake, ndiyeno pothela pake m'pamene timaika dongosolo loululila. Animeshoni ikhale cinthu cothela kuika, cimene mungacicotse silaidi n'kukhalabe yamoyo.

Pali njila ina yakale imene imapewa mavuto onsewa, ndipo ife timaikonda tikadziwa kuti tidzagwilitsa nchito kompyuta ya eni ake. Mumapanga silaidi yathunthu ya mizele itatu, mumaikopa kawili ndi Ctrl+D, ndiyeno pa yoyamba mumafafaniza mizele iwili yapansi, pa yaciwili mzele umodzi, yacitatu mumaisiya. Popanda kayendedwe kalikonse pakati pake, woonelela amangoona mzele watsopano ukuwonjezeka, ndendende ngati Appear. Zimagwila mu PowerPoint yakale, mu Google Slides, mu LibreOffice, ngakhale mu PDF. Kuipa kwake n'kwakuti mukapeza kuti nambala ina yalakwika, mufunika kuikonza pa masilaidi onse atatu, ndipo mutu usasunthe ngakhale pang'ono, apo ayi udzaoneka ukudumpha. Za kompyuta ya eni akezi si nkhani yaing'ono. Morph, amene acinyamata amamukonda masiku ano cifukwa amasuntha zinthu mosalala kucoka pa silaidi ina kupita pa ina, ali mu PowerPoint 2019 ndi Microsoft 365. Mukatsegula fayilo imeneyo pa PowerPoint 2010 kapena 2013, imene ikali m'maofesi ndi m'masukulu ambili, mumangoona Fade wamba. Ngati tanthauzo la phunzilo lanu linali m'kusunthako, latsala kunyumba.

Mnyamata mnzathu uja anatitsutsa pa mfundo imodzi, ndipo tiyenela kuiika pano mwacilungamo. Iye anati anthu a kumudzi saona zinthu zimenezi kawilikawili, kambalame kanawasangalatsa, ndipo munthu wosangalala sagona. Pambuyo pa nsima ya masana, m'holo ya malata mu Okutobala, kugona ndi mdani weniweni. Zimenezi n'zoona. Koma tinaona kuti pa maphunzilo aciwili aja palibe anagona, ngakhale kuti pacipupa panalibe cinthu couluka. Cimene cinawagwila ndi kufuna kudziwa ngati K1,600 yawo inali yolondola. Kuseka kwa kambalame kumatha pa silaidi yacitatu, yacinayi anthu azolowela, ndipo pofika yakhumi ayamba kutopa nako. Ndiponso pali cina cimene sitinamuuze tsiku lija cifukwa ca ulemu: m'gulu muja munali anthu amene njinga zawo ndi mbuzi zawo zinapita cifukwa ca kaloba. Nambala imene inawalanda katundu ikabwela ikudumphadumpha ngati mpila, pali cinacake cimene sicikhala bwino.

Kunena zoona, cida cimene timacigwilitsa nchito kwambili poongolela maso a anthu sicili ku Animations n'komwe. Ndi batani la B pa kiyibodi. Masilaidi ali mkati moonetsedwa, mukadiniza B sikilini imada, ndipo mukadinizanso imabwelela pamene munali. Pamene abambo aja anafunsa za K90, patapita kanthawi mlangizi anadiniza B, ndipo nkhope zonse zinatembenukila kwa amene anali kukamba. Cinanso cothandiza ndi ici: wina akapempha kuti mubwelele ku silaidi ya kumbuyo, musayambe kudiniza muvi wobwelela, cifukwa udzayamba kufafaniza mfundo imodziimodzi, silaidi ndi silaidi, anthu akuonelela. Lembani nambala ya silaidiyo pa kiyibodi n'kudiniza Enter. N'cifukwa cake timakhala ndi kapepala m'manja kolembapo manambala a masilaidi, ndipo pafupi ndi iliyonse timalemba kuti ili ndi kudiniza kungati. Pa ya kaloba panalembedwa 7, ndi tumizele tutatu.

Kapepala kameneka kamathandizanso pamene wodiniza ndi munthu wina, monga zimakhalila ngati laputopu ili patebulo kutali ndi wokamba cifukwa nthambo ya pulojekita ndi yaifupi. Palibe cimene cimadula nkhani ngati "Dinizani. Ayi, bwelelani. Dinizaninso." Wodinizayo akakhala ndi kope la kapepalako, ndipo mwagwilizana kuti cizindikilo ndi kugwedeza mutu, kudiniza kutatu pa silaidi n'kotheka. Kudiniza khumi ndi kuwili sikutheka, ngakhale mutayeseza usiku wonse.

Sabata yamawa tili ndi maphunzilo ena, a kasungidwe ka nshawa kuti zisacite cuku, ndipo masilaidi akukonza ndi mnyamata yemwe uja. Dzulo anationetsa. Masilaidi ndi 14, tunyenyezi tuli pa atatu cabe. Pa imodzi pali zithunzi ziwili za nshawa, ndipo funso ndi lakuti ndi ziti zimene mungadyetse ana. Yankho limabwela ndi Appear, gulu litakangana kale. Anatipempha kuti kambalame tikalole pa silaidi yothela, ya "Zikomo", pamene anthu ayamba kale kunyamula zikwama. Tinakangana pang'ono, ndipo tinamulola.